Ng'amba ikafika pakati pa dzinja: mlimi ayambire pati?

Mu Disembala 2023 alimi ambiri a m'chigawo cha kummwera anadzala chimanga mvula itagwa, ndipo chinamera bwino. Anapalira ndi kubandira, ena mpaka kuthira feteleza wobereketsa amene anamupeza movutikira. Chakumapeto kwa Januwale kumwamba kunayera mbee, ndipo m'madera ena mwezi wa Febuluwale unatha wopanda mvula yoti n'kunyowetsa dothi. Chimanga chinali chitayamba kumasula ngaiyaye. Masamba anapotana, ndevu zinauma zisanalandire mungu, ndipo mvula itabweranso m'Malichi inapeza mapesi okhaokha. Pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Alimi omwewa anali asanaiwale namondwe wa Freddy, amene chaka chimodzi m'mbuyomo anakokolola minda, milatho ndi midzi, n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa.

Madzi anachuluka mopitirira muyezo chaka china, chaka chotsatira n'kusoweratu, pa munda umodzimodzi. Pa misonkhano ya zakusintha kwa nyengo pamamveka njira ziwiri zothanirana ndi vutoli, ndipo nthawi zambiri amazitchulira limodzi ngati kuti n'chinthu chimodzi. Yoyamba ndi kuchepetsa mpweya umene ukutenthetsa dziko, kuti vutoli lisapitirire kukula. Yachiwiri ndi kusintha kachitidwe kathu kuti tipulumuke pa nyengo imene yasintha kale. Munthu wa kumudzi angazimvetse poganiza za moto wolusa m'chilimwe: kuletsa anthu kuyatsa tchire ndi ntchito ina, kulambula udzu kuzungulira nyumba ndi nkhokwe yako ndi ntchito inanso. Zonse n'zofunika, koma sizigwiridwa ndi munthu mmodzi, ndiponso phindu lake silioneka pa nthawi imodzi.

Ine maganizo anga ndi akuti mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri ayenera kuika mphamvu zake, ndalama zake ndi nthawi yake pa njira yachiwiriyi. Yoyambayo ailandire pamene ikubwera limodzi ndi chakudya. Chifukwa chake chili m'manambala ochepa. Afrika yonse imatulutsa pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene umachokera ku malasha, mafuta ndi gasi pa dziko lonse. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani pa chaka, pamene munthu wa ku Amereka amatulutsa matani oposa 10. Komanso mpweyawu ukalowa m'mlengalenga umakhalamo zaka mazanamazana. Ngakhale alimi onse a ku Balaka ataleka lero kutentha mapesi ndi kudula mitengo, mvula ya Febuluwale wamawa singasinthe chifukwa cha iwo. Chimene angathe kusintha ndi zimene zimachitikira mvulayo ikagwera m'munda mwawo.

Tisanapite patali, ndi bwino kunena zoona pa chilala cha 2024. Chinadza ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwerabwera pakapita zaka zingapo, ndipo kunalipo kale makolo athu asanamve za kusintha kwa nyengo. Chilala cha 2015 mpaka 2016 chinadzanso motero. Chatsopano ndi kutentha kumene kwaonjezekera pamwamba pake. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyontho choonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100. Ndiye kuti masiku a dzuwa umayamwa madzi ambiri m'dothi ndi m'masamba, ndipo tsiku lomwe wawatula amagwa ochuluka pa nthawi yochepa. N'chifukwa chake mvula ya chaka chonse ukaiwerengera pamodzi mwina singasiyane kwenikweni ndi ya kale, koma mlimi n'kukolola zochepa. Vuto lagona pa kagwedwe kake.

Tiyeni tilowe m'munda wa ekala imodzi, wa dothi lamchengamchenga losakanikirana ndi katondo pang'ono, ngati limene limapezeka m'madera ambiri a Balaka, Neno ndi kumunsi kwa Ntcheu. Tiwerengere madzi ake monga momwe mayi amawerengera ufa wa m'thumba.

Akanena pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 40, tanthauzo lake ndi lakuti malo alionse a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi alandira malita 40. Ekala ili ndi malo otere pafupifupi 4,000, choncho mvula ya madzulo amodzi yathira malita 160,000 m'mundamo, omwe ndi migolo 800 ya malita 200. Palibe mlimi amene angatunge madzi otere ndi ndowa. Koma ngati mizere yatsata kutsetsereka kwa malo, dothi lili lambulanda ndipo pamwamba pake pauma gwa, gawo lalikulu la migolo imeneyi limathamanga m'makwalala, kulowa m'njira, kukumba chigwembe, n'kukathera mumtsinje litanyamula dothi la chonde pamodzi ndi feteleza. M'mawa mwake mwini munda amanena kuti kwagwa mvula yabwino, pomwe imene yatsalira m'mizu mwina ndi theka chabe.

Tsono amene alowa pansiwo, dothi lingasunge angati? Dothi la mtundu uwu limasunga madzi oti mbewu n'kumwa pafupifupi milimita imodzi pa sentimita iliyonse ya kuya kwake. Chimanga chikamamasula, pa tsiku la dzuwa chimamwa mamilimita 5 kapena 6. Apa ndi pamene khasu lathu latilakwira mosadziwa. Chaka ndi chaka timagalauza mizere, khasu n'kumalekera pa kuya komwekomweko, mapazi n'kumaponda m'makwalala, mpaka pansi pa masentimita 15 kapena 20 pamapangika dothi logogomezeka, lolimba ngati pansi pozira. Mizu ikafika pamenepo imapinda n'kuyamba kuyenda cham'mbali. Munda wotere nkhokwe yake ya madzi ndi mamilimita 20 okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo pa mamwedwe a mamilimita 5 pa tsiku, sabata isanathe chimanga chayamba kufota. Mizu ikanatha kutsika masentimita 60, nkhokweyo ikanakhala ya mamilimita 60, ndipo chimanga chikanapirira pafupifupi masabata awiri. Kusiyana kwa minda iwiri yoyandikana pa nthawi ya ng'amba kawirikawiri kumachokera pamenepa, osati pa mtundu wa mbewu wokha.

Aliyense angathe kudziyezera. Zulani phesi la chaka chatha, kapena bwino koposa nandolo kaya thonje, muone muzu wake waukulu. Ngati wapindika ngati chigongono pa kuya kwa chikhatho chimodzi ndi theka, dothi lolimbalo lilipo. Mukhozanso kuzika kachitsulo m'dothi lonyowa: kamalowa mosavuta, kenako n'kukana mwadzidzidzi. Chizindikiro china ndi madzi kudikha m'makwalala mvula ikangogwa, koma patapita masiku atatu a dzuwa chimanga n'kuoneka chaludzu.

Njira zoswera dothi limeneli zilipo ziwiri zimene zayesedwa kwa zaka zambiri kuno kwathu. Bungwe la Tiyeni, limene linayambira ntchito yake kumpoto cha ku Mzuzu, limaphunzitsa kukumba ndi piki mpaka masentimita 30 kamodzi kokha, kenako kupanga mabedi a mita imodzi m'lifupi otsata akalozera, amene saponderezedwanso. Njira ina ndi ya mayenje. Ku Zambia alimi a ulimi wosamala nthaka amakumba dzenje la masentimita pafupifupi 35 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya, mizere italikirane masentimita 90 ndipo mayenje atalikirane masentimita 70. Muyezo wa alangizi a kuno umasiyanako malinga ndi dera, koma cholinga n'chimodzi: dzenje libowole dothi lolimbalo, likole madzi, ndipo manyowa ndi feteleza zithiridwe pomwe pali muzu m'malo momwazika munda wonse. Dzenjelo limakwiriridwa n'kusiya kakhwawa pamwamba, ndipo chaka chamawa mudzala pomwepo.

Ntchito yake si yamasewera, ndipo amene amaichepetsa polankhula amakhumudwitsa alimi. Pa muyezo wa ku Zambia uja, ekala imodzi imafuna mayenje pafupifupi 6,400. Munthu wokumba 100 pa tsiku angathe miyezi iwiri yathunthu. Woyamba ntchitoyi mu Okutobala, dothi litauma ndipo dzuwa likuswa mtengo, amaisiyira panjira. Nthawi yake ndi Meyi mpaka Julayi, mutangokolola, dothi likadali ndi chinyontho. Ndipo palibe chifukwa choyambira ndi munda wonse. Gawo limodzi mwa magawo anayi a ekala ndi mayenje 1,600, ntchito ya masabata awiri kapena atatu. Pa malo otsalawo, ngonyeka zimathandiza kwambiri pa mtengo wochepa: timizere topingasa m'makwalala, pa mamita awiri kapena atatu alionse, kuti madzi aime ndi kulowa pansi m'malo mothawa. Koma ngonyeka pa mizere yosatsata akalozera zimaphulika, madzi onse n'kutsikira malo amodzi.

Palinso malire amene ayenera kunenedwa. Pa dothi la makande, kapena m'munda wa m'mbali mwa dambo, mayenje ndi ngonyeka zimasanduka zithaphwi chaka cha mvula yambiri. Chimanga chimachita chikasu, mizu imaola. Zikatero ngonyeka zina zigumulidwe kuti madzi apeze potulukira. Njira yopulumutsa munda wa ku Phalula ikhoza kumiza munda wa m'chigwa cha Chilwa, choncho mlimi ayambe waona dothi lake asanatengere za mnzake.

Nkhani ya mapesi ndiyo imaonetsa bwino pamene njira ziwiri zija zimakumana ndi pamene zimasiyana. Alimi amauzidwa kawirikawiri kuti asatenthe mapesi chifukwa utsi ukuononga mlengalenga. Zoona zake n'zakuti kaboni wa m'mapesi ndi yemwe chimangacho chinakoka mumpweya miyezi ingapo yapitayo, ndipo ngakhale mapesiwo atawolera m'munda, wambiri amabwerera komweko. Akafukufuku apeza kuti kaboni amene kuphimbira ndi kusagalauza kumasunga m'nthaka ndi wochepa kusiyana ndi momwe ankayembekezera poyamba, ndipo ndi wovuta kuyeza. Chifukwa chenicheni chosatenthera mapesi chili m'munda momwemo. Mapesi oyalidwa amatchinga madontho a mvula kuti asamenye dothi n'kulitseka pamwamba, amachedwetsa madzi othamanga, ndipo amachepetsa kutentha ndi kuuma kwa nthaka. Pisani dzanja pansi pa mapesi masana a ng'amba, mupeza pozizira ndi ponyowa pamene pambali pake pali fumbi. Mlimi akauzidwa zimenezi amamva, chifukwa angathe kuziona yekha.

Vuto ndi lakuti mapesi sakwana. Kuti kuphimbira kugwire ntchito, pafunika kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka likhale lophimbika pa nthawi yodzala, ndipo zimenezi zimafuna pafupifupi tani imodzi ya mapesi pa ekala. Munda wotulutsa matumba 8 a makilogalamu 50 umapereka mapesi olemera mofanana ndi chimangacho kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti theka chabe la ofunikawo. Pa ochepawo pali mbuzi ndi ng'ombe zimene zimamasulidwa anthu akangokolola, pali chiswe, pali anyamata osaka mbewa ndi moto wawo, palinso mayi amene wasowa nkhuni. N'chifukwa chake ndi bwino kusonkhanitsa mapesi a munda wonse pa gawo la mayenje lija kusiyana ndi kuwamwaza pang'onopang'ono paliponse. Kuwateteza kwake si kwa banja limodzi: popanda lamulo la mudzi pa za ziweto ndi moto, loikidwa ndi a mfumu ndi anthu awo, wophimbira amangodyetsa mbuzi za anzake. Woyamba kumene adziwenso kuti chaka choyamba chimanga cha m'mapesi chikhoza kuchita chikasu chikadali chaching'ono, chifukwa tizilombo towoletsa mapesi timayamba tagwiritsa ntchito naitirojeni wa m'dothi. Mankhwala ake ndi manyowa okwanira m'dzenje ndi kuthira feteleza pa nthawi yake. Udzunso umavuta zaka zoyambirira, ndipo ntchito yozula kawirikawiri imagwera amayi.

Kusunga madzi kuli ndi polekezera pake. Tawerengera kuti munda wokonzedwa bwino ungapirire masabata awiri, mwina kupitirira ngati uli wophimbira. Ng'amba ya 2024 m'madera ena inapitirira mwezi. Chimanga chimene chinali pa ngaiyaye nthawi imeneyo palibe dzenje limene likanachipulumutsa chonse. Apa ndi pamene ekala ija iyenera kugawidwa kuti tsoka limodzi lisaphe zonse tsiku limodzi. Chimanga chimaopa kwambiri ludzu kuyambira sabata imodzi kapena ziwiri chisanamasule mpaka masabata awiri chitatulutsa ndevu. Mbewu yocha msanga ngati Kanyani imafika pa msinkhu umenewu kale kuposa yochedwa ngati Njovu. Yochedwayo imabereka kwambiri chaka chabwino m'madera a mvula yambiri, koma ku Balaka ndi juga. Wodzala mitundu iwiri yosiyana kakhwimidwe amakhala kuti ng'amba ikakantha wina, wina wadutsa kale kapena sanafike. Pa gawo lotsala pakhale mbewu zimene makolo a kuchigwa cha Shire sanazitaye: mapira amene amatha kuima kukula pa chilala n'kudzapitiriza mvula ikabwera, khobwe, nandolo wa mizu yozama amene amathandizanso kubowola dothi lolimba lija, ndi mbatata imene ingadzalidwe ngakhale mu Febuluwale chimanga chikakanika.

Koma pano tisanamizane. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo wake unagwa kwambiri ndipo alimi ambiri a kummwera anatsala ndi matumba opanda wogula. Mapira nawo amadyedwa ndi mbalame ngati wadzala ndi munthu mmodzi m'mudzi wonse. Kusintha mbewu kumafuna msika ndi kugwirizana kwa anthu oyandikana minda. Tsiku lodzala nalonso lafika povuta. Mvula ya chizimalupsa inali yodziwika kuti si yodzalira, koma masiku ano ngakhale ya mu Novembala imanyenga. Alangizi amati mudikire mpaka kugwe mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri kapena atatu, ndipo mukumbe muone ngati chinyontho chafika kuya kwa chikhatho chonse. Ulosi wa dzinja umene Nthambi Yoona za Nyengo imatulutsa mvula isanayambe, boma ndi boma, ndi wofunika kuumvetsera posankha mbewu, ngakhale sunena tsiku limene ng'amba idzayambe.

Nanga kuchepetsa mpweya wotenthetsa dziko kulibe malo m'mundamu? Kuli nawo, ndipo malo ake enieni ndi mitengo. Mtengo umasungadi kaboni m'thunthu ndi m'mizu kwa zaka zambiri, mosiyana ndi mapesi. Nsangu, imene mumaiona m'minda ya ku Salima ndi m'mbali mwa nyanja, imayoyola masamba dzinja likayamba, motero sitchinga chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba, gilisidiya wodzalidwa pakati pa chimanga n'kumatengulidwa masamba ake kukwiriridwa m'nthaka anaonetsa kwa zaka zambiri kuti amakweza zokolola. Kusamalira zitsa zophukira zokha m'munda sikufuna nazale kapena kuthirira. Mbaula ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, ndipo nkhuni zikamakwana mapesi amatsala m'munda. Zonsezi dziko lonse limapindula nazo, koma mwini munda ndiye woyamba kupindula. Chofunika n'kudziwa nthawi yake: gilisidiya amayamba kubweza pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, nsangu zaka zambiri kuposa pamenepo. Mitengo siingalowe m'malo mwa mayenje a chaka chino.

Pamene ndimakana ndi pamene njira yoyambayo ikufuna kulanda chakudya. Kudzala bulugama pa munda wokhawo wa banja, kapena m'mbali mwa dimba, ndi kusinthanitsa nsima ndi mitengo imene imamwa madzi ambiri. Kuuza mlimi amene amathira thumba limodzi la feteleza pa ekala kuti achepetse chifukwa feteleza amatulutsa mpweya woipa ndi kulanga wosalakwa. Munda ukabereka pang'ono, banjalo limakatsegula wina kuphiri kapena kuyamba kuotcha makala, ndipo chilengedwe chimaonongeka koposa. Masiku ano kumabweranso anthu olonjeza ndalama za kaboni kwa odzala mitengo. Si zoipa mwa izo zokha, koma asanasaine kalikonse mlimi afunse kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, adzalandira zingati ndiponso liti, ngati angaloledwe kutengulira kapena kudula, ndi zimene zidzachitike mitengo ikapsa ndi moto wa munthu wina. Pepalalo liwerengedwe m'Chichewa pamaso pa mfumu ndi mlangizi. Ngati mitengoyo ilibe phindu kwa inu popanda ndalamayo, musaidzale pa munda wa chakudya.

Udindo waukulu wochepetsa mpweyawu uli ndi mayiko a mafakitale, amene anasaina pangano la ku Paris la mu 2015 pamodzi ndi ife, ndipo boma lathu lisatope kuwakumbutsa za thandizo limene analonjeza. Koma thandizo likafika, lipite kumene ng'amba imaluma: kwa alangizi oti azifika m'minda, ku zoyezera mvula m'masukulu ndi m'midzi, ku mbewu za mapira, khobwe ndi mbatata zopezeka pa nthawi yake, osati chimanga chokha.

Kwa inu a kumunda, mukamaliza kukolola chaka chino zulani phesi limodzi muone muzu wake. Ngati wapindika, sankhani ngodya imodzi ya munda, muyambe kukumba dothi lisanaume, musonkhanitsirepo mapesi, ndipo mupite kwa a mfumu mukakambirane za mbuzi ndi moto mwezi wa Juni usanathe.